Mayi wa nyumba anati "T'en veux plus ?", ine "Oui, merci", mbale n'kuchotsedwa

Tadala:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi dandaulo, koma musandiseke kwambiri. Ndatha miyezi iwiri kuno ku Lyon, ndikukhala kwa mayi wina wachikulire amene amachititsa lendi chipinda kwa ana asukulu. Chifalansa ndinachiyamba ndili fomu 1, mayeso a DELF B2 ndinakhoza, makalata onse a ku yunivesite ndinalemba ndekha. Koma anthu akayamba kucheza ndimangoti kakasi ngati mlendo pamaliro a eni.

Dzulo madzulo mayiwa anaphika *gratin*, mbatatesi zodula mopyapyala zowotcha mu uvuni ndi kirimu. Ndadya pang'ono, ndaika foloko pansi kuti ndimwe madzi, iwo akuti: *T'en veux plus ?* Ine m'mutu mwanga *plus* ndi kuwonjezera, ndiye kuti akundifunsa ngati andiikire zina. Ndinamwetulira n'kunena kuti *Oui, merci*. Anatenga mbale yanga, natenganso chiwaya chonse, ulendo wa kukhitchini. Ndinagona ndi njala, manyazi osandilola kukatsegula filiji ya eni. Ndinalakwitsa pati?

A Gondwe:
Mwanawe, sunalakwe ndiwe. Analakwa ndi mayiwo. Ndaphunzitsa Chifalansa kusekondale zaka zambiri, ndipo lamulo lake silinasinthe: kukana kuli ndi miyendo iwiri, *ne* kutsogolo kwa mneni, *pas* kapena *plus* kapena *jamais* kumbuyo. Iwo amafuna kunena kuti *Tu n'en veux plus ?*, kutanthauza kuti "sukufunanso?", koma adula mwendo umodzi. Chiganizo cha mwendo umodzi chingayende bwanji? Chimenecho ndi Chifalansa cha mumsewu. Iwe usatengere, udzalephera nacho mayeso.

Mavuto:
Kikiki achemwali, pepani ndaseka ndithu. Zoterezi zinandichitikira kwa a Kongo. Ine ndimayendetsa thiraki, Lubumbashi kudzera pa Kasumbalesa, Chifalansa changa ndi chotola m'njira. Tsiku lina ndafika pomwetsera mafuta, ndafunsa za dizilo, mnyamata akuti "yanaplu". Ndinamva "ya", ndikudziwa kuti "ya" ndiye kuti zilipo. Ndinamvanso "plu", ndati eya, alipo wambiri. Ndinazimitsa injini n'kumadikira kuti abwere ndi paipi. Mphindi makumi awiri zatha, mnyamata wangokhala pa mpando akusewera ndi foni. Dalaivala mnzanga wa ku Zambia ndi amene anandiuza kuti akulu, akuti watha.

Nambewe:
Tadala, takulandira kuno. Ine ndakhala ku Falansa zaka 14, ana anga anabadwira konkuno, ndipo njala ya mtundu umenewo ndinagona nayo. A Gondwe, mwamasulira bwino zimene mayiwa amanena, koma pa zakuti n'za mumsewu ndikutsutsani mwaulemu. Dokotala wa ana anga amati *c'est pas grave*. Aphunzitsi awo pa geti la sukulu amati *il a pas mangé*. Anduna akamakangana pa wayilesi amatero. Pocheza, *ne* amagwa pakamwa pa aliyense, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe.

Vuto lathu ife ndi la khutu. Pa Chichewa kukana kumabwera poyambirira: sindikufuna, sukubwera, sanadye. Munthu akangotsegula pakamwa tadziwa kale kuti akukana. Kusukulu anatipatsa *ne*, amenenso amakhala kutsogolo, ndiye khutu lathu linakhazikika pomwepo, kumadikira *ne* ngati mmene limadikirira si-. Koma poyankhula, katundu yense wa kukana ali kumbuyo kwa mneni. Ukamva *je veux* usathamangire kumasulira, dikira kaye mawu otsatira. Akhoza kukhala *pas*, *plus*, *rien*, *jamais*.

Tsono *pas* savuta, chifukwa ukamumva pambuyo pa mneni ndi kukana basi. Wovuta ndi *plus*, amene ali ndi nkhope ziwiri. Polemba n'chimodzimodzi, koma pakamwa amasiyana. Akatanthauza kuti zatha, osatinso, *s* wakumapeto samveka: "plu". Akatanthauza kuwonjezera, *s* amamveka: "plus". Ndiye *j'en veux plus* wopanda *s* ndi "sindikufunanso", wa *s* ndi "ndikufuna zina". Mayi ako anati "plu". Mnyamata wa a Mavuto anati *y en a plus*, "plu", dizilo watha.

Tadala:
Aaa! Zaka zonsezi palibe anandiuzapo za *s* ameneyu. Ine ndimangotchula mmene zandifikira. Ndiye ndikanayankha kuti chiyani kuti chiwaya chisachoke?

Nambewe:
*Si*. Apa ndi pamene unagwa kachiwiri. Funso likakhala lokana, *oui* sagwira ntchito. Ukufuna kutsutsa, kunena kuti ayi ndithu ndikufuna, umati *Si, j'en veux encore*. Ukugwirizana nawo kuti zoona wakhuta, umati *Non, merci*. Kwathu zimayenda mosemphana: wina akakufunsa kuti "sukufunanso?" umati "ee", kutanthauza kuti ee, sindikufunanso. Mayiwa anamva *oui* wachilendo uja, anaona foloko ili pansi, n'kumvanso *merci*. Patebulo kuno *merci* payekha nthawi zambiri amamveka ngati "zikomo, basi". Zinthu zitatu zonse zinaloza kukhitchini. Ukafuna kulandira chinthu, nena kuti *oui, je veux bien* kapena *volontiers*.

A Gondwe:
Za *si* ndiye timaphunzitsa, zili m'buku. Tadala unali kugona tsiku limenelo. Koma taonani mayi Nambewe, simukuona kuti mukundivomereza? Akanati *tu n'en veux plus*, mwanayu akanamva *n'* n'kudziwa. Chisokonezo chonsechi chabwera chifukwa cha ulesi wotaya *ne*. Chiyankhulo chili ndi eni ake ochisamala, Académie française ilipo kuyambira 1635, sinalolezepo zimenezi.

Kondwani:
Ndilowepo pang'ono, poti nkhani imeneyi tinaiphunzira m'kalasi ya sayansi ya ziyankhulo ndipo inandisangalatsa. Aphunzitsi, miyendo iwiri ija sinali iwiri chiyambire. Chifalansa chakale chinkakana ndi *ne* yekha. *Pas* tanthauzo lake ndi phazi, sitepe imodzi poyenda, ndipo mpaka lero *un pas* ndi sitepe. Anthu ankawonjezera mawuwa pofuna kutsindika: sindiyenda ngakhale phazi limodzi. Panalinso ena a mtundu womwewo, *mie* kanyenyeswa ka buledi, *goutte* kadontho, *point* kadontho ka cholembera. Ngati mmene ife timanenera kuti "sindinadye olo kambewu". M'kupita kwa zaka *pas* anapambana anzakewo, anthu anaiwala za phazi, n'kumamumva ngati kukana kwenikweniko. Zitatero *ne* anasanduka wongoperekeza, ndipo woperekeza amabwerera panjira.

Ndipo anthu anawerengapo. Katswiri wina, William Ashby, anajambula mawu a anthu a mumzinda wa Tours mu 1976, n'kubwererakonso mu 1995. Ulendo woyamba *ne* anamveka m'ziganizo zokana 37 pa 100 zilizonse. Ulendo wachiwiri, 18 pa 100. Ndipo Tours ndi dera limene a Falansa eni ake amalitama kuti kuli Chifalansa choyera.

A Gondwe:
Kuchuluka kwa olakwa sikusandutsa cholakwa kukhala cholondola, achimwene. Anthu ambiri amawoloka msewu pamalo osayenera.

Kondwani:
Zoona aphunzitsi, koma inuyo mukamacheza ndi anzanu pa bawo mumati "ndili kupita" kapena "ndikupita"? Mabuku akale analemba "ndili kupita". Lero achinyamata afika pa "ndupita". Ndani walakwa pamenepo?

A Gondwe:
"Ndupita" m'kalasi mwanga amalandira mzere wofiira.

Chisomo:
Pepani ndalowa mochedwa, sindinawerenge zonse. Ndiye mukuti *ne* anathetsedwa? Ine ndikulemba Chifalansa pa MSCE chaka chino, ndisiye kumulemba? Zingandipepukire bwanji! Komanso amene muli kunjako tatitumizireni mawu a achinyamata aja, ngati *meuf* ndi *ouf*, ndiike mu chimangirizo kuti oyesa aone kuti ndimachidziwa.

Nambewe:
Ayi ayi Chisomo, bwerera ukawerenge! Pamenepa ndili kumbali ya a Gondwe ndi miyendo yonse iwiri. Polemba, *ne* salumphidwa. Mwana wanga wamkulu, amene pakamwa pake *ne* ndimamumva mwina kamodzi pa sabata, akamuiwala polemba kusukulu amamuchotsera malikisi. Ana a kuno amavutika nazo kuposa inu, chifukwa amayenera kulemba chinthu chimene sachinena. Pamene amagwa kwambiri ndi pa *on*: *on a pas* ndi *on n'a pas* zimamveka chimodzimodzi ndendende, "onapa", ndiye khutu silingawathandize. Iwe uli ndi mwayi, unayambira m'buku.

Ndipo *meuf* mu chimangirizo usayerekeze. Zili ngati kulembera a hedi kalata n'kuyamba ndi "Bho bho madala".

Mavuto:
Ine funso langa ndi lina. Kwa a Kongo ndimamva abusa m'tchalitchi ndi mabwana a m'maofesi akutchula *ne* bwinobwino, mwina kuposa azungu amene ndimawamva pa wayilesi. Komanso 70 amati *septante*, 90 amati *nonante*, pamene buku limene ndinagula limati *soixante-dix* ndi *quatre-vingt-dix*. Ndiye Chifalansa chenicheni ndi chiti?

Kondwani:
*Septante* ndi *nonante* anazitengera kwa a Belgium amene ankalamulira dzikolo, ndipo ku Belgium ndi ku Switzerland amatero mpaka lero. Si zolakwika, si za mumsewunso, ndi za dera. Za *ne* wa abusa, ine ndikuganiza kuti munthu amene Chifalansa anachipeza kusukulu, kunyumba akuyankhula Chiswahili kapena Chilingala, amachiyankhula moyandikira buku. Ngati ifeyo.

Nambewe:
Mwina, koma ulaliki ndi ulaliki. Wansembe wa kuno naye pa guwa amabwezeretsa *ne* yense, akatuluka panja n'kumati *j'ai pas vu ta mère*. Ndipo anzanga a ku Kinshasa amene ndimagwira nawo ntchito amamutaya ngati wina aliyense. Kaya anaphunzira kuno kaya anabwera nazo, a Mavuto mukamvetsere bwino anyamata a pa boda akamacheza okhaokha, mudzatiuze.

Tadala:
Anthu inu mwandithandiza, koma ndibwerere pa ine. Lero m'kalasi ndinatchera khutu monga mwanenera, kudikira kumbuyo kwa mneni. Zina ndagwira. Koma pali mtsikana wina amene ndikamufunsa kanthu amangoti "shepa". Ndafufuza mu dikishonale, mulibe. Wina ndinamupepesa kuti ndachedwa kumubwezera cholembera, akuti *t'inquiète*. Ndiye kuti ndide nkhawa? Palibe *ne*, palibenso *pas*!

Nambewe:
"Shepa" ndi *je ne sais pas*. Tiye tiyende nayo pang'onopang'ono, chifukwa ukaona mmene yafupikira imeneyi, zina zambiri uzimasula wekha. Choyamba *ne* wagwa: *je sais pas*. Kenako *e* wa mu *je* wamezedwa: *j'sais pas*. Tsopano *j* wagundana ndi *s*, ndipo awiriwa sangakhalire limodzi, amasungunuka n'kukhala "sh". Basi, "shepa". Polemba mauthenga ena amalemba *chais pas*, ena *jsp*. Njira yomweyo *je suis* amakhala "shwi", ndipo *je ne suis pas* amakhala "shwipa".

Anzake a masiku onse ndi awa: *tu as* amakhala *t'as*, *tu es* amakhala *t'es*, *il y a* amakhala *y a*, *il n'y a pas* amakhala *y a pas*, *il ne faut pas* amangokhala *faut pas*. *Il* akakhala kutsogolo kwa mawu ngati *veut* kapena *part*, *l* samveka, umangomva "i". Ndipo *nous* pocheza sindimumva kawirikawiri, onse amati *on*: *nous ne savons pas* ndi "on se pa".

*T'inquiète* ndiye mbambande. Chiganizo chonse ndi *ne t'inquiète pas*, usade nkhawa. Anataya *ne*, kenako anatayanso *pas*, n'kutsala pakati pokha. Chimene chimakuuza kuti ndi kukana ndi malo a *t'*. Munthu akafuna kukuuza kuti ude nkhawa amati *inquiète-toi*, *toi* kumbuyo. *T'* akakhala kutsogolo, mpangidwe umenewo ndi wa lamulo lokana basi. Pa foni amalemba *tkt*. Koma usatenge ngati lamulo loti uzichita ndi mneni aliyense, ndi mawu ochepa okha amene anauma choncho. Lina ndi *t'occupe*, kutanthauza kuti sizikukukhudza, ndipo limenelo ndi lamwano pang'ono.

A Gondwe:
Kukana kopanda mawu okanira. Ambuye atichitire chifundo.

Kondwani:
Aphunzitsi, chosangalatsa n'chakuti mbali inayonso kuli mwendo umodzi, ndipo kumeneko simudandaula. M'Chifalansa chapamwamba cha m'makalata, ndi aneni ochepa ngati *pouvoir*, *oser*, *cesser* ndi *savoir*, amataya *pas* n'kusiya *ne*: *je ne puis vous répondre*, *il ne cesse de pleuvoir*, *je ne saurais vous dire*. Ndiye wa tayi amadula mwendo wakumbuyo, wa pamsika amadula wakutsogolo.

Palinso *ne* wina amene sakana chilichonse. *Je crains qu'il ne vienne* ndi "ndikuopa kuti abwera", osati "sabwera". *Avant qu'il ne parte* ndi "asananyamuke". Tadala, ameneyu ukumana naye m'mabuku a kuyunivesite, usamuwerenge ngati kukana.

A Gondwe:
Zimenezo ndi zololedwa, zili m'galamala. Koma ndavomera kuti mwandigwira pang'ono.

Tadala:
Ndiye ineyo ndizitani? Ndiyambe kunena "shepa"? Ndimaopa kuoneka ngati ndikudzipanga. Komanso ndimaopa kuoneka ngati buku loyenda. Mnzanga wina anandiseka nditamufunsa kuti *Où vas-tu ?*, akuti ndikuyankhula ngati agogo ake a agogo ake.

Nambewe:
Anakuseka chifukwa kutembenuza mneni choncho n'kwa polemba. Pocheza amati *Tu vas où ?*, ndipo chapakati, chimene sichingakuchititse manyazi paliponse, ndi *Où est-ce que tu vas ?*

Langizo langa ndi lakuti kumva uyambe lero, kunena kubwere pakokha. Palibe amene adzakwiye chifukwa wanena *ne*. Mlendo woyankhula mwaulemu wopitirira amangomuona ngati waulemu. Choopsa ndi kusakaniza, chifukwa zinthuzi zimayenda m'magulu ngati zovala. *Ne*, *nous* ndi funso lotembenuza ndi suti. Kutaya *ne*, *on*, *t'as*, *y a* ndi zovala za pakhomo. Ukati *nous savons pas* wavala jekete ndi kabudula. Ukati *je ne kiffe point*, kuphatikiza *kiffe*, "kukonda" kwa achinyamata, ndi kukana kwa m'mabuku akale, anthu aganiza kuti ukuchita nthabwala.

Ndikupatse chitsanzo chimodzi, uthenga womwewo kwa anthu atatu. Tinene kuti mawa supita kukalasi chifukwa uli ndi nthawi yokaonana ndi a ofesi ya zikalata zokhalira m'dziko.

Kwa aphunzitsi, pa imelo: *Madame, je ne pourrai malheureusement pas assister au cours de demain, car j'ai un rendez-vous à la préfecture. Je vous prie de bien vouloir m'en excuser. Cordialement.* Apa *ne* alipo, *car* m'malo mwa *parce que*, *vous*, palibe chofupikitsa.

Kwa aphunzitsi omwewo mwakumana pakhonde: *Excusez-moi, je pourrai pas venir demain, j'ai rendez-vous à la préfecture.* *Vous* akadalipo, ulemu wonse ulipo, *ne* wagwa ndipo iwo sazindikira n'komwe. Ukamusunga, *je ne pourrai pas*, zilinso bwino.

Kwa mnzako wa "shepa" uja pa foni: *jpeux pas venir demain, rdv préfecture, c'est relou. Tu me passes tes notes stp ?*

Waona kuti pakati pa wachiwiri ndi wachitatu chasintha kwambiri ndi mawu, osati *ne*. Anthu ambiri amaganiza kuti kutaya *ne* ndi mwano. Ayi, mwano uli pa kunena *tu* kwa munthu wa *vous*, ndi pa mawu amene wasankha.

Chisomo:
*Relou* ndiye chiyani? Mwayamba kale kutiphunzitsa, pitirizani!

Nambewe:
Ndi *lourd*, cholemera, atachitembenuza. Amanena za chinthu kapena munthu wotopetsa. Kutembenuza mawu kumeneku amakutcha *verlan*, dzina limenenso ndi *l'envers* atalitembenuza. *Femme* anakhala *meuf*, *fou* anakhala *ouf*, *louche* anakhala *chelou*, chinthu chokayikitsa. Koma Tadala, usaike mawu onse osakhala a m'buku m'thumba limodzi. Pali ena amene ngakhale mayi ako a nyumba amanena tsiku lililonse: *boulot* ntchito, *bouquin* buku, *bagnole* galimoto, *truc* chinthu chilichonse chimene waiwala dzina lake, ngati "ujeni" wathu. Amenewa ukhoza kuyamba nawo msanga pocheza. *Bouffe* chakudya ndi *fric* ndalama atsikirapo pang'ono: ndi anzako zili bwino, koma usadzauze mayiwo kuti *bouffe* yawo ikukoma. *Verlan* ndi wa anzako a msinkhu wako, ndiponso amakalamba msanga. Ine ndikanena mawu amene ndinatola nditangofika, ana anga amabisa nkhope.

Mavuto:
*Verlan* ameneyo ku Lubumbashi sindinamumvepo. Ndikakanena *meuf* kumeneko adzangondiyang'ana.

Yamikani:
Ine ndili ku Montréal, ndingochenjeza pa mawu amodzi. Ku Falansa *gosses* ndi ana. Kuno ndi ziwalo zobisika za abambo. Mnzanga wochokera ku Paris anafunsa bambo wina kuntchito ngati ali ndi zithunzi za *gosses* ake. Sindipitiriza. Koma za *ne*, kuno ndiye pocheza kulibiretu.

A Gondwe:
Mayi Nambewe, funso lenileni. Ana anga ena amapita kukayesedwa DELF, mbali yoyankhula. Enanso adzakafunsidwa mafunso a ntchito. Mukuwauza kuti azikati "shepa" pamaso pa woyesa?

Nambewe:
"Shepa" ayi. Pa mayeso asunge *ne*, alibe chotaya. Pofunsidwa ntchito ayambe naye, ndipo akagwa pakati pa nkhani asabwerere kukamutola, wofunsayo mwina akumutayanso. Chimene ndikukupemphani inu ndi china: muziwamvetsera anawo mawu a anthu enieni akucheza, kuti khutu lizolowere. Kunena asanene, koma amve.

Ndipo *ne* sanafe, ali ndi ntchito yake pakamwa. Ndikamuuza mwana wanga kuti *touche pas*, ndi chenjezo wamba. Ndikati *tu ne touches pas*, liwu lililonse palokha, amadziwa kuti zafika poipa. Amabweranso kawirikawiri chiganizo chikayamba ndi dzina lathunthu, monga *le directeur ne viendra pas*, kusiyana ndi pamene chayamba ndi *je*, *tu* kapena *c'est*. Pa zikwangwani ndiye salephera: *ne pas fumer*.

A Gondwe:
Pa mafunso a ntchito sindikugwirizana nanu. Mzungu akataya *ne* amati akucheza, mwana wathu akataya amati sadziwa galamala. Muyezo si umodzi. Za kuwamvetsera mawu ndiganizapo, ngakhale nthawi ya silabasi ndi yochepa kale.

Nambewe:
Pa muyezo wosiyanawo mwina mukunena zoona, ndinazionapo. Koma ndinaonanso wina akulephera chifukwa ankayankhula ngati akuwerenga, maso ali m'mwamba kusaka *ne*.

Kondwani:
Ndibwerere pa *plus*, chifukwa lamulo la *s* lija lili ndi malire, Tadala angadzagwenso. *Plus* woyerekeza, akatsogolera mawu ngati *grand* kapena *cher*, *s* samveka ngakhale akutanthauza kuposa: *plus grand* ndi "plu gran". Ndiye wina akati *il est plus malade*, "plu", zikhoza kukhala kuti wachira, sakudwalanso, kapena kuti matenda akula kuposa kale. Mawu omwewo, katchulidwe komweko.

Tadala:
Ndiye pamenepo munthu umadziwa bwanji? Kusiyana kwake ndi kwa chikondwerero ndi maliro!

Nambewe:
Umayang'ana nkhope, n'kudikira zotsatira. Wonena kuti matenda akula nthawi zambiri amapitiriza, *plus malade qu'hier*, kapena amati *encore plus malade*. Akaima pa *malade* n'kumwetulira, wachira. Eni akenso zimawasokoneza, makamaka pa mauthenga a pa foni pamene palibe *s* womveka. Mwamuna wanga anandilembera tsiku lina kuti *faut plus de lait*. Ndinaima m'sitolo osadziwa ngati ndigule wambiri kapena ndisagule. Ndinamuimbira. Ukamva anthu akufunsana kuti "plu kapena plus?", usadabwe, si alendo okha. Iweyo ukafuna zowonjezera, thawira kwa *encore*, alibe nkhope ziwiri.

Wina woti umusamale ndi *que*. *J'ai que dix euros* ndi *je n'ai que dix euros*, ndili ndi mayuro khumi okha. Ka "k" kamodzi kameneko n'kosavuta kukaphonya. Ndi *pas terrible*, amene satanthauza kuti sizoopsa, koma kuti sizabwino kwenikweni. Mayi ako akadzati nyengo ili *pas terrible*, tenga ambulera.

Tadala:
Ndabweranso ndi lipoti. Madzulo ano kunali supu. Ndinaika supuni pansi dala kuti ndione. Iwo: *T'en veux plus ?* Ndinamvetsetsa bwinobwino, *s* panalibe. Ine: *Si, si, j'en veux encore !* Anandiyang'ana, akuti *ah bon, je croyais que t'aimais pas ma cuisine*. Ndiye kuti masiku onsewa amaganiza kuti zophika zawo sindizikonda! Ndinawafotokozera za *gratin* uja, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu ya patebulo, akuti Lamlungu aphikanso.

Koma aphunzitsi a Gondwe, imvani izi. Ndinawauza kuti pa gulu lathu tikukangana za anthu otaya *ne*. Iwo anakwiya, akuti ndi achinyamata a masiku ano amene akuwononga chiyankhulo, akuti *moi, je fais jamais ça*, ine sindichitako zimenezo.

A Gondwe:
Uwapatse moni mayi amenewo. Maganizo awo ndi abwino.

Mavuto:
Achemwali, mwati anati *je fais jamais*? Nanga *ne* wawo ali kuti pamenepo?

Tadala:
Sindinawafunse a Mavuto, chiwaya cha Lamlungu ndikuchifuna. Kenako ali kukhitchini anakuwa kuti *y a plus de pain*, madzi akutuluka pa mpopi, *s* sindinamve ngati analipo kapena ayi. Ndinangopita kukasuzumira m'basiketi ya buledi. Munalibe kanthu, ndiye ndavala jekete, ndikutsika kukagula asanatseke.